Makiyi achuluka koma malipiro ali pomwepo: kalembedwe ka imelo yopita kwa bwana

M'mashopu, m'magulosale aakulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono kuno ku Chitipa muli chizolowezi chimene ambiri timachidziwa. Mnzanu akasiya ntchito, malo ake salembapo munthu wina. Bwana amangoimba foni kunena kuti, "Tagwirizirani kaye, tikufufuza munthu." Makiyi ndi mabuku a mnzanu uja amabwera kwa inu. Pakutha pa mwezi peyisilipi imabwera ndi ndalama zomwe zija. Mwezi umodzi umasanduka chaka, ndipo kugwirizira kuja kumasanduka ntchito yanu popanda pepala lililonse.

Ine ndimagwira ntchito pa Lufita, m'shopu yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a ziweto, imenenso imagula chimanga, nyemba ndi mpendadzuwa nyengo yokolola. Kampani yake sinditchula. Likulu lili ku Mzuzu, mtunda wa makilomita oposa 300 kudzera ku Karonga, choncho bwana amene amasaina za malipiro timamuona kawiri kapena katatu pachaka. Zambiri timakambirana pa foni ndi pa imelo. M'chaka cha 2024 ndinalemba imelo yopempha kuti malipiro anga awaonenso, ndipo anzanga angapo akhala akundifunsa kuti ndinalemba zotani. Ndaganiza zoti ndifotokoze pano kuti ena amene ali m'vuto lomwelo aonepo poyambira.

Choyamba ndi kudziwa chimene mukupempha. Wantchito akamati "ndalama zachepa" amakhala akunena chimodzi mwa zinthu zitatu, ndipo chilichonse chili ndi khomo lake.

China ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ife a m'malire, amene katundu wambiri wa m'misika yathu amachokera ku Tanzania ndi ku Zambia, tinazimva msanga. Koma vutoli ndi la aliyense pakampani, kuyambira mlonda mpaka bwana mwiniwake. Mukalemba kuti sopo wakwera, renti yakwera, fizi ya ana yakwera, bwana amayankha mosavuta kuti, "Tikudziwa, tidzaona za onse pamodzi." Ndipo sakunama, chifukwa sangakweze inu nokha pa chifukwa chimene chikukhudza antchito onse.

Chachiwiri ndi maola owonjezera. Awa sapempha ngati chifundo. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati kwa antchito ambiri maola a ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo ola lowonjezera pa tsiku wamba lilipidwe ngati ola limodzi ndi theka, pamene la tsiku lanu lopuma kapena la tchuthi cha boma lilipidwe kawiri. Titenge munthu wolandira K200,000. Tikagawa ndi masiku 26 ndi maola 8 patsiku, ola lake ndi pafupifupi K960, ndipo ola la ovataimu pa tsiku wamba ndi pafupifupi K1,440. Akagwira maola khumi otere pamwezi, ali ndi K14,400 yake. Imeneyi ndi ngongole ya kampani kwa iye, ndipo imafuna kalata yakeyake yokhala ndi masiku ndi maola. Mukaiphatikiza ndi pempho lokweza malipiro, bwana akhoza kukupatsani ya ovataimuyo n'kunena kuti nkhani yonse yatha.

Chachitatu ndicho mutu wa nkhani ino: ntchito imene mukugwira lero yakula kuposa imene munalembedwera. Apa lamulo silinena kuti udindo ukawonjezeka malipiro akwere ndi ndalama zakutizakuti. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limanena za malipiro oyenera, ndipo lamulo la ntchito limaletsa tsankho pa malipiro a anthu ogwira ntchito yolemera mofanana. Boma limaikanso malipiro otsikitsitsa, amene mu Febuluwale 2024 anakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Koma munthu amene ali kale pamwamba pa ndalama imeneyo, kukwera kwake kumadalira kukambirana. Ndiye chifukwa chake imelo yanu iyenera kuima pa umboni, pakuti mulibe chikwapu cha lamulo choti mugwire.

Mawu amodzi kwa anzathu a m'boma. Mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaulimi malipiro ake amayendera giredi, ndipo mphunzitsi wamkulu kapena bwana wa pa ofesi alibe mphamvu yowasintha. Kumeneko njira ndi ya kukwezedwa pa udindo kapena kalata yovomerezeka yogwirizira udindo. Zimene ndikulemba pano zikukhudza kwambiri a m'makampani, m'mabungwe omwe si a boma, m'makoparetivi, m'masukulu ndi m'zipatala zomwe si za boma.

Umboni umayambira pa pepala limene munalandira polowa ntchito. Lamulo limafuna kuti olemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza ntchito yake, malipiro ndi maola. Langa, la mu Malichi 2021, linati ndine kalaliki wogulitsa: kulandira makasitomala, kulemba malisiti, ndi kupereka ndalama za tsikulo kwa wosunga katundu. Basi. Ndinatenga pepala lina n'kuligawa pakati. Kumanzere ndinalemba zimene kontirakiti ikunena, kumanja zimene ndimachita tsopano zomwe mulibe m'kontirakitimo. Kumanjako kunatuluka zinthu zisanu ndi zinayi.

Mwa zisanu ndi zinayizo, m'imelo munalowa zinayi zokha. Muyeso umene ndinagwiritsa ntchito ndi uwu: chinthu ichi chikalakwika, adzafunsa ndani? Kusesa pakhomo pa shopu mnyamata akadwala, kapena kuthandiza kutsitsa matumba galimoto ikafika usiku, ndi kuthandizana chabe, ndipo bwana aliyense angakuuzeni kuti kontirakiti ili ndi mzere uja wonena kuti mudzagwira ntchito zina zimene mungapatsidwe. Koma kusunga makiyi a nyumba yosungiramo katundu ndi udindo, chifukwa thumba limodzi la feteleza likasowa dzina lotchulidwa ndi lanu. Kunyamula ndalama kupita nazo kubanki ku boma ndi udindo. Kusaina lipoti la sitoko ndi udindo. Kuyang'anira aganyu ndi kuwerengera malipiro awo ndi udindo. Kutanganidwa ndi kwina, udindo ndi kwina, ndipo kampani imalipira udindo.

Pa udindo uliwonse ndinafufuza zinthu zitatu: tsiku limene unayamba, amene anandipatsa, ndi nambala imodzi yoonetsa kukula kwake. Wosunga katundu wathu anachoka kumapeto kwa Ogasiti 2023, ndipo uthenga wa pa WhatsApp umene bwana ananditumizira wondiuza kuti nditenge makiyi unali udakali m'foni. Malipoti a mwezi ndi mwezi amene ndinatumiza ku Mzuzu anali mu Sent ya imelo yanga, asanu ndi atatu, kuyambira wa Seputembala mpaka wa Epulo. Masilipi a kubanki anali m'faelo. Ndiponso owerengera katundu ochokera kulikulu anabwera mu Malichi 2024 ndipo anapeza kuti mabuku ndi katundu zikugwirizana. Nambala zonsezi bwana akanatha kuzitsimikiza yekha pa desiki yake. Nambala imene bwana sangaifufuze, monga kunena kuti makasitomala amakukondani kwambiri, isalowe.

Kenaka pamabwera funso limene ambiri timaliopa: ndalama zingati? Ena amalemba kuti, "Mundiganizireko monga mmene mungaonere." Ndi ulemu ndithu, koma mukatero mwapereka mpeni ndi nyama yomwe. Akhoza kuwonjezera K10,000 n'kunena kuti pempho lanu layankhidwa. Tchulani ndalama, ndipo muonetse kumene mwaitenga. Malo abwino koposa ndi m'kampani momwemo. Kwathu, pamene ankafuna wosunga katundu kunthambi ina, chidziwitso chimene chinazungulira m'nthambi zonse chinali ndi malipiro a udindowo, K260,000. Ine ndinali pa K200,000. Kusiyana kwake, K60,000, ndiko kunali maziko a pempho langa. Ngati kwanu kulibe chidziwitso chotere, funsani a ofesi yoona za antchito ngati pali magiredi, kapena onani zidziwitso za ntchito zofanana m'nyuzipepala. Chimene muyenera kupewa ndi kutchula dzina la mnzanu ndi malipiro ake. Mukalemba kuti, "Akutiakuti amalandira zakuti," nkhani imachoka pa ntchito yanu n'kupita pa funso lakuti munazidziwa bwanji, ndipo mnzanuyo mwamuika m'madzi.

Musanatchule ndalamayo, werengani imene idzafike m'manja. Kuyambira mu Epulo 2024, K150,000 yoyambirira sinkadulidwa msonkho, ndipo kuchoka apo kufika pa K500,000 msonkho unali 25 peresenti. Pa penshoni wantchito amadulidwa 5 peresenti ndipo olemba ntchito amasonkha 10 peresenti. Kutanthauza kuti pa K60,000 yowonjezera, K15,000 ikanapita ku msonkho, K3,000 ku penshoni, ine n'kutsala ndi pafupifupi K42,000. Kumbali ya kampani, K60,000 yomweyo ikanawadyera K66,000 pamwezi poonjezerapo gawo lawo la penshoni, imene ndi K792,000 pachaka. Bwana amawerengera nambala yapachakayi, choncho nanunso muidziwe. Yerekezani ndi kulemba wosunga katundu watsopano: K260,000 kuphatikiza K26,000 ya penshoni ndi K286,000 pamwezi. Kampani ikandikweza imasungabe K220,000 mwezi uliwonse. Malire a msonkho amasintha ndi bajeti ya boma, ndiye funsani akauntanti wanu a chaka chimene mukulembera, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Nthawi yotumizira nayonso ili ndi mphamvu. Ndinafunsa akauntanti kuti chaka cha ndalama cha kampani chimayamba liti, ndipo anati mu Julayi, bajeti amaikonza mu Meyi ndi Juni. Pempho lofika bajeti itatsekedwa limapeza yankho lokonzeka kale lakuti mulibe m'bajeti. Ndinapewanso Novembala ndi Disembala, pamene alimi ali piringupiringu kugula mbewu ndi feteleza ndipo bwana amangowerenga imelo zonena za galimoto ndi katundu. Ndinatumiza Lachiwiri m'mawa, pa 7 Meyi 2024. Dzulo lake ndinayamba ndaimba foni kunena kuti, "Bwana, pali nkhani ya ntchito yanga imene ndikufuna kuilemba kuti muione mofatsa. Ndikutumizirani mawa." Kwathu kuno munthu wamkulu sumugwetsera nkhani yolemera mwadzidzidzi, umayamba waodira. Foniyo inali odi, imelo inali nkhani yeniyeni.

Pa mzere wa Subject ndinalemba kuti: Pempho loonanso malipiro, kalaliki wa nthambi ya Lufita. Mutu wobisa nkhani, monga "Moni bwana" kapena "Pempho", umasowa pakati pa mauthenga ena, ndipo tsiku limene mudzaufune simudzaupeza. M'maofesi ambiri imelo zotere zimalembedwa m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi omwewo m'chiyankhulo chilichonse. Nayi m'Chichewa:

Bwana Manijala,

Ndikuthokoza pondilola kulemba kutsatira zimene tinakambirana dzulo pa foni. Ndikupempha kuti malipiro anga aonedwenso molingana ndi maudindo amene ndakhala ndikugwira kuyambira pa 1 Seputembala 2023.

Ndinalembedwa mu Malichi 2021 ngati kalaliki wogulitsa, ndipo pano ndimalandira K200,000 pamwezi. Wosunga katundu atachoka, munandiuza kuti ndigwirizire ntchito yake. Kuyambira pamenepo, pamwamba pa ntchito yanga yogulitsa, ndimachita izi.

Ndimasunga makiyi a nyumba ya katundu ndi kulemba zonse zolowa ndi zotuluka. Owerengera katundu atabwera mu Malichi 2024 anapeza kuti mabuku ndi katundu zikugwirizana.

Ndimakonza ndi kusaina lipoti la sitoko mwezi uliwonse. Ndatumiza malipoti asanu ndi atatu, onse lisanadutse tsiku la 5 la mwezi.

Ndimakaika ndalama kubanki ku boma katatu pasabata, ndipo masilipi onse ali m'faelo.

Ndimayang'anira aganyu awiri ndi kuwerengera malipiro awo.

Malinga ndi chidziwitso cha kampani, udindo wa wosunga katundu malipiro ake ndi K260,000. Ndikupempha kuti ndiikidwe pa malipiro amenewa kuyambira pa 1 Julayi 2024, ndi kuti kontirakiti yanga isinthidwe kuti maudindowa alembedwemo. Ngati kampani ikufunabe kulemba munthu wina, ndikupempha alawansi yogwirizira udindo mpaka munthuyo atafika.

Ndaphatikiza kontirakiti yanga ndi lipoti la owerengera katundu. Ndingakondwe kukambirana nanu pa foni kapena mukabwera kuno mwezi uno usanathe, pa tsiku limene mungasankhe.

Ndine wanu pantchito,
Kalaliki wa nthambi ya Lufita

Imelo yonseyi munthu amaimaliza kuwerenga pa foni tiyi asanazizire. Kufupikako kuli ndi chifukwa. Bwana wanu nthawi zambiri si amene amavomereza komaliza. Iye amaitumiza kwa mkulu wa zachuma kapena mwini kampani, munthu amene sanakuonenipo ndipo mwina Lufita sakudziwa kuti ili pati. Lembani ngati mukulembera munthu ameneyo. Bwana wanu akafuna kukumenyerani nkhondo, apeze zonse zili pamodzi moti angodina Forward popanda kuwonjezera kanthu.

Onani kuti pempho lili m'ndime yoyamba. Chikhalidwe chathu chimatiphunzitsa kuzungulira: kufunsa za kunyumba, za mvula, za ulendo, kenaka n'kufika pa mbuzi imene tabwerera. Pamaso ndi pamaso zimenezo n'zabwino, ndipo pa foni ija ndinazichita. Koma pa imelo, munthu wowerenga mizere itatu osaona chimene mukufuna amaitseka kuti adzaiona nthawi ina. Ulemu uli m'mawu oti "ndikupempha" ndi "ndingakondwe", ndipo ndi wokwanira. Kudzichepetsa kopitirira, monga "pepani kukuvutitsani, ine kapolo wanu wosayenera", kumafooketsa umboni umene mwausonkhanitsa movutikira.

Onaninso zimene mulibe. Mulibe za ana anga, za ngongole ya banki m'khonde, kapena za matenda a mayi anga, ngakhale kuti zonsezo ndi zimene zinkandisowetsa tulo. Mavuto a kunyumba amabala ngongole ya pantchito kapena chithandizo cha kamodzi, sabala giredi yatsopano. Mulibenso chiopsezo. Mawu oti "mukapanda kutero ndisiya ntchito" muwalembe pokhapokha kalata ya ntchito ina ili m'thumba ndipo mwakonzeka kupita, chifukwa imelo siifufutika, ndipo kuno ntchito za pamwezi n'zowerengeka pamene ofuna ntchito ndi ambiri. Pa Cc sindinaikepo wina aliyense. Kuika mwini kampani pa Cc pa imelo yoyamba kuli ngati kukasuma kwa a gulupu musanauze a nyakwawa. Bwana wanu amamva kuti mwamulumpha, ndipo munthu amene akanakuthandizani amayamba kudziteteza.

Chiganizo chonena za alawansi yogwirizira udindo ndinachiika dala. Funso la inde kapena ayi limapatsa bwana njira ziwiri zokha, ndipo ayi ndiye wosavuta. Mukaika njira yachiwiri, mwamupatsa poti adutsire ngati yoyamba yamukanika. Chiganizocho chimakumbutsanso mwaulemu kuti malo aja akadali opanda munthu, ndipo ndalama zake zakhala zikutsala m'thumba la kampani miyezi isanu ndi itatu.

Nditatumiza ndinatsegula Sent kutsimikiza kuti yapitadi, chifukwa netiweki yathu nthawi zina imasiya imelo yokhala ndi zithunzi ili mu Outbox tsiku lonse. Makalata ophatikizawo ndinawajambula masana panja kuti zilembo zioneke bwino. Ndinasindikizanso kope limodzi ku boma n'kulisunga kunyumba. Ngati mumagwiritsa ntchito adiresi ya imelo ya kampani, kumbukirani kuti tsiku limene mudzachoke adzaitseka, ndipo umboni wanu udzatsekeredwa momwemo.

Sabata ziwiri zinatha kuli zii. Pa 21 Meyi ndinalemba mizere iwiri pansi pa imelo yomweyo podina Reply, kuti zonse zikhale pamodzi: "Bwana, ndikungokumbutsa za pempho lili m'munsili. Kodi Lachisanu likudzali mungakhale ndi mphindi khumi zoti tikambirane pa foni?" Kutchula tsiku kumathandiza, chifukwa munthu amene sangathe Lachisanu amakakamizika kutchula tsiku lina. Bwana anayankha kuti abwera ku Chitipa kumayambiriro kwa Juni ndipo tidzakambirana.

Atabwera anati K260,000 siitheka, chifukwa udindo umenewo kampani imaupereka kwa munthu wa satifiketi ya zosunga katundu, imene ine ndilibe. Chifukwa chimenechi chinali choona, ndipo chinalembedwadi m'chidziwitso chija. Anati angathe K230,000. Ndinafunsa kuti, "Nanga pa maudindo anayi aja, ndi uti umene mukufuna ndiusiye kuti zigwirizane ndi ndalamayo?" Funsoli si lamwano, ndipo yankho lake limaonetsa ngati maudindowo kampani ikuwafunadi. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti palibe woti ndisiye. Tinagwirizana K240,000 kuyambira pa 1 Julayi, dzina la udindo lisinthe kukhala wothandizira wosunga katundu, ndipo ndikapeza satifiketi nkhani ya K260,000 idzaonedwenso. Za miyezi imene ndinagwira kale popanda malipiro ake anakana, ndipo sindinaumirire chifukwa panalibe pepala lililonse limene linalonjeza alawansi pa nthawiyo.

Kukwera kwa K40,000 ndi 20 peresenti pa pepala. M'manja munafika pafupifupi K28,000, msonkho utatenga K10,000 ndi penshoni K2,000. Si ndalama yosintha moyo, koma pa chaka ndi K336,000, ndipo penshoni, ovataimu ndi kukwera kulikonse kwa mtsogolo zimawerengeredwa pa malipiro atsopanowo.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinalembanso imelo yaifupi yothokoza, yobwereza zimene tinagwirizana: ndalama, tsiku loyambira, dzina la udindo ndi nkhani ya satifiketi, n'kupempha bwana andikonze ngati pena ndamva molakwa. Sitepe imeneyi ambiri amaidumpha chifukwa cha chimwemwe. Mabwana amasamutsidwa, ena amasiya ntchito, ndipo wobwera kumene sadziwa zimene munakambirana pakhonde. Kalata yosintha kontirakiti inafika kumapeto kwa Juni, ndipo peyisilipi ya Julayi ndinaiyerekeza ndi kalatayo mzere ndi mzere.

Yankho silikhala lotere nthawi zonse, ndiye ndi bwino kudziwa kusiyanitsa mayankho. "Panopa ndalama palibe, tidzaona mu Januwale" ndi yankho lamoyo ngati lili ndi mwezi, ndipo bwana akuvomera kulilemba. "Tidzaona zinthu zikayenda bwino" lopanda tsiku ndi ayi wovala jekete. Mukalandira lotere, funsani kuti ndi chiyani chimene chiyenera kuchitika kuti nkhaniyi itsegulidwenso, ndipo ndi liti. Ngati ndalama zakanikadi, pali zina zimene mungapemphe zomwe kampani siimva kuwawa kwambiri: dzina la udindo lilembedwe, akulipirireni maphunziro, akupatseni ndalama yoyendera popita kubanki, kapena akuchotsereni udindo woopsa kwambiri. Dzina la udindo lokhalo ndi chuma, chifukwa ndi limene mudzalembe pofunsira ntchito kwina.

Dziwaninso kuti walira mvula walira matope. Udindo ukalembedwa m'kontirakiti, kusowa kwa katundu kumakhala kwanu mosakayikitsa. Choncho pempho la malipiro liyende limodzi ndi pempho la zida zogwirira ntchitoyo: loko amene makiyi ake ali ndi inu nokha, sikelo yoyesedwa bwino, ndi kuwerenga katundu yense pamaso pa mboni tsiku limene mukulandira udindowo mwalamulo, nonse n'kusaina. Wolandira nyumba ya katundu osawerenga amalandiranso zosowa za amene anachoka.

Nanga ofesi ya zantchito ya pa boma ndi bwalo la milandu ya zantchito, limene kuno kumpoto lili ku Mzuzu? Kumeneko ndi kwa nkhani monga kulipidwa pansi pa malipiro otsikitsitsa, kukanizidwa ovataimu, kudulidwa ndalama popanda chifukwa chomveka, tsankho, kapena kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo. Bwana kungokana kukweza malipiro mwa iko kokha si mlandu wophweka kuutengera kumeneko. Koma ngati munthu wachotsedwa kapena wayamba kuzunzidwa chifukwa chakuti anapempha, imelo ija yokhala ndi tsiku lake imasanduka mboni. Ichi ndi chifukwa china cholembera mwaulemu: lembani mawu amene simungachite nawo manyazi atawerengedwa mokweza pamaso pa anthu. Ndipo kumene kuli bungwe la antchito limene limakambirana za malipiro m'malo mwa onse, yambani mwafunsa nthumwi yanu, chifukwa mwina mgwirizano wawo uli kale ndi ndime ya alawansi yogwirizira udindo.

Kwa inu amene makiyi a mnzanu akupatsani sabata ino, musadikire miyezi isanu ndi itatu. Lembani lero mizere itatu kwa bwana: mwalandira udindo wakuti kuyambira tsiku lakuti, mwawerenga katundu ndipo mwapeza zakuti, ndipo mukupempha kuti pakatha miyezi itatu mudzakambirane za malipiro ngati munthu wina adzakhale asanalembedwe. Pa nthawi imeneyo bwana akukufunani kwambiri ndipo savuta kuvomera. Miyezi itatuyo ikakwana, imelo yanu yopempha malipiro idzangoyamba ndi mawu akuti, "Monga tinagwirizana."